Ayi, Ba Tenson, y Si x

Fomu yopitirizira ntchito ya Mainess, mphunzitsi watsopano, inali itagona masabata atatu m'kabati ya Ba Tenson, mkulu wa aphunzitsi a masamu pasukulu ina kufupi ndi Palabana. Popanda siginecha yawo, ntchito ya Mainess ikanatha ndi temu imeneyo. Anthu ogwira makiyi a kabati amadziwa kudikiritsa anzawo.

Lachinayi masana Ba Tenson anam'patsa Mainess mapepala oti achonge, a mayeso osankhira mwana mmodzi wokapikisana ku boma ku Chongwe. Mayankho anali atalemba okha Ba Tenson. Mainess atafika pa funso lomaliza, bolopeni inaima.

4ˣ − 10(2ˣ) + 16 = 0

Mkuluyo anayamba bwino. Anaika y m'malo mwa 2ˣ, choncho 4ˣ inakhala y², funso n'kusanduka y² − 10y + 16 = 0. Analigawa kukhala (y − 2)(y − 8) = 0, n'kupeza 2 ndi 8. Kenaka anangolemba kuti x ndi 2 kapena 8, n'kudula mzere kunsi.

Mwana wina, Derrick, anathera pomwepo. Koma Nelesi anapitirira: 2ˣ = 2, ndiye x ndi 1; 2ˣ = 8, ndiye x ndi 3. Potsatira mayankho a mkuluyo, Derrick amaposa Nelesi ndi malikisi awiri okha, ndipo funsoli linali la anayi.

Mainess anayang'ana kabatiyo, kenaka ananyamuka.

"Ba Tenson, nipempha muoneko namba teni."

"Chongani chabe, mayi. Sin'nakuuzeni kuti munichonge ine."

"Apa mwalemba x, koma ni y."

Aphunzitsi ena awiri amene anali muofesimo anasiya kutafuna chinangwa.

"Zaka twente-foo niphunzitsa," anatero Ba Tenson motsitsa mawu. "Imwe muli na miyezi ingati?"

"Isanu." Mainess analoza papepalapo. "Koma tiyeni tiike 2 pa x. 16 kuchotsa 40, kuikapo 16. Ibwera −8, osati ziro."

Mainess anapitiriza.

"Manje 3 ya Nelesi. 64 kuchotsa 80, kuikapo 16. Ziro. Na 1 ichita chimodzimodzi: 4 kuchotsa 20, kuikapo 16."

Ba Tenson anakoka pepalalo, n'kuwerengera m'mphepete ndi pensulo, kawiri konse, ngati manambala angasinthe maganizo poona nkhope yawo. Potsiriza anafufuta 2 ndi 8 mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

"N'nali kufuna kuona ngati muchonga muli maso," anatero. "Lembani dzina la mtsikanayo."

Palibe anaseka. Mainess analemba dzinalo, n'kuona kuti afunsiretu.

"Nanga fomu yanga, ba sa?"

Ba Tenson anatsegula kabati, anaitulutsa, n'kuiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Mwaniphunzitsa kusathamangira kudula mzere," anatero. "Nizaiwerenga bwinobwino temu ikatha."

Anaibweza pansi pa mafayilo, anakhoma, makiyi n'kuponya m'thumba la jekete.