Dzina la Bambo Pawindo

Uthenga wa Mzime unandipeza m'mawa ndikusita kolala ya malaya a kasitomala. Mzime ndi mng'ono wanga, womaliza kubadwa kwathu, ndipo amagwira ntchito kunja, m'nyumba yosamaliramo okalamba. Mwezi ukatha amatitumizira ndalama kudzera ku kampani yotumiza ndalama.

"Ndatumiza, achemwali," analemba choncho. "Nambala yokatengera ndi iyi, musaonetse munthu. Pafoni panga zikuonetsa kuti akuzikonza. Zikatheka ndikuuzani."

Ndinathokoza Mulungu chamumtima, chifukwa mapiritsi a bambo anali atatsala pansi pa botolo. Koma nditayang'anitsitsa chithunzi cha lisiti, ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi. Pa wolandira panali dzina la bambo.

Ndi mmene zakhalira chipitire Mzime. Tsiku lokatenga ndalama, bambo ankapukuta nsapato, kuvala jekete lawo lotuwa, n'kuyenda okha mpaka kusitolo yoyandikana ndi famase yogulitsa mankhwala, kumene kuli windo la kampaniyo. Pobwerera ankayenda ngati munthu wochokera kuntchito. Koma mwezi wathawu anadwala sitiroko, ndipo dzanja lamanja, lomwe lagwira sowo ndi hamala moyo wawo wonse, linafooka pamodzi ndi mwendo. Chitulukire m'chipatala anali asanadutse pageti.

Masana Mzime anaimba. Ndinali ndi mapini kukamwa, ndiye ndinatsegula sipika n'kuika foni pamakina anga osokera.

"Zakonzeka, zikungodikira wozitenga. Koma achemwali, mutu wangawu! Ndalemba dzina la ababa mwachizolowezi. Musadandaule, poti sizinatengedwe ndikhoza kusinthitsa. Nditumizireni chithunzi cha chiphaso chanu kuti ndilembe dzina ndendende mmene lilili."

Bambo anali pampando wawo pafupi ndi chitseko, maso ali chitsinzinire. Ndinkayesa agona.

"Umuuze Mzime kuti ladwala ndi dzanja," anatero pang'onopang'ono. "Dzina langa lili bwinobwino."

"Ababa, mwamva? Inetu ndikufuna musavutike."

"Iwe samala nkhalamba za eniake kumeneko. Ine usandiike m'gulu lawo."

Mzime anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anagwirizana kuti dzina likhale mpaka Lachisanu, tsiku lomwe mapiritsi amathera. Likafika asanatenge, asintha, ndipo kuyambira pamenepo wokatenga ndidzakhala ine.

Mawa lake ndinapita ndekha kukafunsa pawindo. Mayi wogwira ntchito pamenepo, wovala magalasi okhala ndi chingwe, anandizindikira ndisanalankhule.

"Si inu mwana wa a Kalipentala? Asowatu. Ali bwanji?"

Ndinawafotokozera mwachidule, kenaka ndinafunsa ngati ndingawatengere bambo ndalamazo nditabwera ndi chiphaso chawo.

"Pepani mayi, sizitheka. Olo mukhale ndi nambala. Ndimapereka m'manja mwa mwini dzina, ndikuona nkhope yake ndi chiphaso chake. Apo ayi, wotumizayo asinthe dzina. Kusayina angathe? Akalephera, pali inki yodindira chala."

"Za chala musawatchulire," ndinatero.

"Ndamva. Komanso musabwere nawo m'mawa, ndimakhala ndilibe ndalama zokwanira m'kabati. Ndisiyireni nambala ya foni. Zikakwana ndikuimbirani, asadzayende ulendo wachabe."

Kunyumba ndinayamba kupeza tizidutswa ta mapepala anga odulira zovala pansi pa mpando wa bambo. Pa kalikonse panali dzina lawo, lokhotakhota ngati msoko wa wophunzira. Ankalemba ndikakhala kukhitchini. Ndinkangosesa, n'kusiya mapepala ena patebulo ngati ndawaiwala. Madzulo ankagwira ndodo n'kuyenda kukagunda geti, kubwerera, kupuma, kuyambanso. Ine pamakina ndinkapempherera phazi lililonse.

Mzime ankalemba nthawi iliyonse akapeza mpata wopuma. "Zikadali pomwepo." Patapita nthawi, "Sizinasinthe." Lachinayi m'mawa anaimba, ndipo ulendo uno ndinatuluka panja ndi foni.

"Achemwali, mukudziwa chifukwa chake ndimangoyang'ana pafonipa? Si ndalamazo ayi. Pakalembedwa kuti zalandiridwa, ndimadziwa kuti ababa avala jekete, ayenda, aseka ndi anthu. Ndi pomwe ndimawaonera. Ndikasintha dzina, ndizikuonani inu."

"Ine ndine woipa kuona?"

"Inu ndatopa nanu," anatero, n'kufwenthera.

Dzuwa litapendeka, mayi wa pawindo anaimba kuti zakwana. Nditalowa m'chipinda ndinapeza bambo atavala kale jekete, akulimbana ndi batani. Ndinawasiya mpaka analowetsa okha. Nsapato anali atapukuta ndi dzanja lamanzere, ina yowala kuposa inzake.

Takisi anaikana. Tinayenda, iwo kutsogolo ndi ndodo, ine pambali ndi chikwama. Tinapuma pa wokonza njinga, amene anapukuta benchi ndi chipewa chake osafunsa funso. Tinapumanso pansi pa chikwangwani cha famase. Thukuta linali litanyowetsa kolala, koma sanadandaule.

Pawindo panali mzere. Bambo wina wovala ovolosi anawauza bambo kuti adutse, koma iwo anakana.

"Ndafika pambuyo panu, achimwene."

Mpando wokha ndiwo anavomera. Mayi uja anali atauika kale pafupi ndi khoma, ndipo mzere ukasuntha, wa ovolosi ankausunthira kutsogolo ngati ndi ntchito yake.

"A Kalipentala!" anatero mayiyo itafika nthawi yathu. "Ndimayesa mwapeza windo lina lokongola kuposa langa."

"Ndinapita kutchuthi," anayankha bambo. "Chakudya chake chosakoma, ndabwerako."

Anapereka chiphaso. Nambala ndinali nditawalembera papepala, ndipo anawerenga okha. Mayiyo anailowetsa mu kompyuta, n'kufunsa dzina la wotumiza, dziko limene ali, ndi ndalama zomwe akuyembekezera. Bambo anayankha zonse, dzina la Mzime analitchula lonse lathunthu ngati pa ubatizo. Makina anatulutsa pepala.

Cholembera cha pawindopo n'chopyapyala, chomangidwa ndi kachingwe kakafupi. Mayiyo anachikankhira pambali, n'kutulutsa china m'kabati. Chinali chokulungidwa ndi selotepi mpaka kunenepa ngati chogwirira cha tchizulo.

"Yesani ichi. Changa chija chikuvuta inki."

Bambo anachigwira. Nsonga inagunda pepala n'kudumpha. Ine ndinayang'ana pansi, milomo ikuyenda yokha. Kenaka ndinamva kukwecha kwa cholembera, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto.

Mayiyo anayang'ana pepala, chiphaso, ndi nkhope yawo. Anadinda chidindo, anawerenga ndalama poyera, n'kuziika m'dzanja lamanja lomwelo.

Tisanafike n'komwe pakhomo la famase, foni inalira m'chikwama.

"Achemwali! Zasintha! Palembedwa kuti zalandiridwa! Ndani wasayina?"

Ndinapereka foni kwa mwini wake wa nkhani.

"Ukufuula chiyani, udzutsa nkhalamba zako," anatero bambo. "Mwezi wamawa ulembe dzina lomwelo."

Zomwe Mzime anayankha sindinazimve, koma bambo anakhala nthawi akungoti, "Eya, mwanawe. Eya."

Tinagula mapiritsi. Potuluka anandipatsa ndalama yapepala imodzi, akuti ndikagule mapepala ena odulira zovala, popeza anga aja akhala akutha msanga masiku ano. Ndinalandira ndi manja awiri. Pobwerera anavomera takisi, ndipo anagona tisanakhote pa wokonza njinga, lisiti ali nalo m'manja. Ine ndinati zikomo kwa Mulungu, motsitsa, kuti ndisawadzutse.