Thumba la Ndudu la A Clifton

Alinesi atatsika minibasi yochokera ku Capital Hill, anapeza bambo ake, a Clifton, atakwinya nkhope pamakina awo osokera pakhonde la sitolo ku Old Town.

“Ndudu yakweranso! Abale anthu, boma latiyesa ng'ombe zamkaka?”

Alinesi anakhala pabenchi. Ankagwira ntchito yowerengera misonkho ku unduna wa zachuma.

“Ababa, masamu a msonkhowo ndinathandiza nawo ndine. Amalipira ndi opanga ndudu ndi oziitanitsa kunja, kenako amauwonjezera pamtengo.”

“Ndiwe? Nanga bwanji osakhometsa msonkho pa tomato?”

“Fodya, mowa ndi petulo anthu amagulabe ngakhale zikwere, ndiye boma silisowa ndalama. Chinanso, utsi ndi mowa zimadzaza zipatala. Mtengo ukaluma, ena amasiya.”

A Clifton anafuna kuseka, koma chifuwa chinawagwira. Alinesi anawasisita pamsana mpaka chinaleka.

“Osiyawo ndi angati?”

“Ndi ochepa. Pa anthu zana, mwina anayi.”

“Unawalemba maina?”

“Salemba maina, ababa.” Anayang'ana pansi. “Koma polemba nambalayo, mmodzi ndinkamudziwa.”

A Clifton anavula jekete, natulutsa ndudu ziwiri m'thumba la pachifuwa, momwe ankasungamo ndudu kuyambira Alinesi asanabadwe, n'kuziponya m'zidutswa za nsalu. Anayala jeketeyo pamakina, napondaponda mpaka thumbalo litatsekeka.

“Atatu enawo ukasake wekha,” anatero akudula ulusi ndi mano. “Mwana wanga sangalakwitse masamu pa Capital Hill chifukwa cha ine.”