Kapu ya Madzi mu Firiji ya a Filipo

Emelda ankagulitsa mafirizi, timapaketi ta zakumwa zoundana, kwa ana asukulu ku Kanyenda, koma ankawaumitsa m'firiji ya bambo Jamali, yolipira pamwezi. Mwamuna wake Tryson zinkamuwawa zimenezi.

"Amake Uchizi, tidzalemeretsa a Jamali mpaka liti? A Filipo akugulitsa yawo motchipa. Tigule lero!"

Emelda mtima unali m'mwamba, poti ndalama zogulira firijiyo zinali za mpunga wa chaka chonse. Anabereka mwana, natenga kapu ya madzi, ulendo kwa a Filipo.

"Tamvani mmene ikulirira, mayi," anatero a Filipo atayiyatsa. "Ngati yatsopano!"

"Kulirako ndamva, bambo, koma ana sagula kulira."

Anaika kapuyo mkati, natseka, nakhala pakhonde maola anayi, magetsi osazima. Atatsekula, madzi aja anali madzi ndithu. Anagwira m'mbali mwa firijiyo kunja, osamva kufunda ngati pa ya a Jamali.

"Gasi mulibe umu," anatero. "Ndipo gasi samangotha yekha, penapake pabooka."

A Filipo anangokanda m'mutu.

Tsiku lomwelo Emelda anakalipira mwezi wina kwa a Jamali, ndalama za mpunga zili chimangire pansonga ya chitenje.