Zithunzi Zisanu ndi Ziwiri za Enelesi

Lachiwiri pa 12 Ogasiti 1997, a Yoram anafika kwa Everisto pa Boma ndi zithunzi 18 m'pepala la pulasitiki lonunkha nsomba zouma. Mng'ono wawo Tenson anafa ndi mvuu pa Zambezi chaka chapitacho, ndipo Loweruka kunali kuvumbula mwala wa pamanda ku Kavalamanja. Ankafuna vidiyo yoonetsa abale.

Everisto, wojambula maukwati ndi kamera ya tepi yaikulu, anayala zithunzizo patebulo. Zina zinali ndi zitosi za mphemvu. Anazipukuta ndi nsalu youma, osati yonyowa. Nyimbo ya kwaya imene a Yoram anaibweretsa inali ya mphindi zitatu ndi masekondi 36, ndime zisanu ndi imodzi zofanana.

"Zayenda bwino," anatero Everisto. "Chithunzi chilichonse masekondi 12, zitatu pa ndime imodzi."

"Izi seveni uchotse," anatero a Yoram, akuzikankhira pambali ndi chikhadabo.

M'zonse zisanu ndi ziwirizo munali Enelesi, mkazi wa malemu. Pa zisanu ndi chimodzi anali bwinobwino. Pa cha ukwati nkhope yake inali yopalidwa ndi lezala mpaka pepala loyera la pansi. Chovala choyera cha kumutu chinalipo, dzanja lake lovala mphete linali paphewa la Tenson, koma pankhope panali chizungulire cha zikande.

"Anachita izi ndani?"

"Mphemvu."

Everisto anaona mizere yowongoka ija, kenaka zala za a Yoram. Nkhani ankaidziwa, monga aliyense wa kumsika. Maliro atangotha, a Yoram anatenga bwato, maukonde ndi katundu wa m'nyumba, nkumauza abale a ku Lusaka ndi a kutsidya kuti Enelesi sanali mkazi wa ukwati, anali wongophikira.

"Ndikachotsa izi, zithunzi zitha pa mphindi ziwiri ndi masekondi 12. Kwaya iziimbira mdima."

"Manje uzisiye, koma umudule. Makina ako si amakoka munthu pafupi? Aoneke Tenson chabe."

Lachitatu masana Enelesi anabwera, dengu la nsomba ataliika pakhomo. Anapempha kungoona zithunzizo, pakuti chiyambire maliro sanaziwonenso. Atafika pa cha ukwati anakhudza zikandezo ndi chala.

"Achimwene, Loweruka andiuza kuti ndikakhale kumoto ndi ophika," anatero. "Ana anga adzakhala kutsogolo ndi atate awo aakulu. Kodi m'kanemamo adzandiona?"

"Sindinajambulebe," anayankha Everisto. Sanalonjeze kanthu.

Anajambula Lachinayi m'mawa pakhonde, pamthunzi, chifukwa dzuwa limanyezimiritsa pepala la chithunzi. Anamata chithunzi choyamba pathabwa lokuta nsalu yakuda, kamera ili pa miyendo itatu, galasi loonera pafupi litamangidwa kutsogolo kwake. Anazimitsa tsiku lomwe limalembedwa pakona. A Yoram anakhala pampando kumbuyo kwake akusenda nzimbe ndi kulavula makoko pansi pamene panali posesa.

Njira yake inali imodzi. Masekondi awiri chithunzi chili chiimire, asanu ndi atatu chikuyenda, awiri chiimirenso. Ankawerenga ndi wotchi, wailesi ikuimba nyimboyo kuti chithunzi chisinthe pamene kwaya yapuma mpweya. Pa chithunzi chilichonse ankaonjeza sekondi imodzi kumapeto, chifukwa kamera ikaimitsidwa imabweza tepi pang'ono ndi kudya mchira wa chithunzi chapitacho. Pa chithunzi cha Tenson ali m'bwato anayendetsa kamera kuchokera ku nkhafi kupita kunkhope, chogwirira atachikoka ndi labala kuti dzanja lisanjenjemeretse. Kawiri chala chinapondereza batani la zumu, lokokera chithunzi pafupi, mwamphamvu, chithunzi nkulumpha, ndipo anabwereza.

Atafika pa choyamba cha zisanu ndi ziwiri zija, anakoka zumu mpaka kumapeto kuti akonze maso a kamera. Ndi mmene amachitira: ukakonza uli pafupi, chithunzi sichichita chifunga pobwerera. A Yoram anadzuka nkumusuntha ndi phewa, naika diso pa kagalasi koonera. Munali nkhope ya Tenson yokha, yodzaza bwino.

"Eya! Ndiye izi. Uli ndi nzeru mfana iwe, ngakhale uli wamwano."

"Apa ndi poyambira, a Yoram."

"Yambira pomwepo, nanga ndakana?"

Anabwerera ku nzimbe zawo. Diso lawo linasiya thukuta pa labala la kagalasi, ndipo Everisto analipukuta kawiri asanaikepo lake. Anawerenga masekondi awiri, nakhudza mbali ina ya batani mopepuka. Chithunzi chinayamba kufutukuka. Anachita chimodzimodzi pa zonse zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi iliyonse a Yoram ankasuzumira poyamba ndi kugwedeza mutu. Cha ukwati anachiika chomaliza. Madzulo anaika nyimbo pa tepi ija, inathera pamodzi ndi chithunzi. A Yoram sanafune kuonera yonse. Anati boti la kwawo likunyamuka.

Loweruka pa 16 Ogasiti, atachoka kumanda, anthu anakhala pansi pa chisakasa chotchinga ndi mabulangete. Nthawi inali 14:20. Everisto anaika TV kutsogolo, jenereta ili patali kuti isasokose. Pamphasa ya abale panali a Antónia, azakhali a malemu, amene anawoloka kuchokera ku Zumbo ndipo ukwati wa mu 1988 sanaufikeko chifukwa cha nkhondo. Enelesi anaimirira kunja, panjira ya mphepo pakati pa mabulangete awiri, manja ali ndi phulusa.

Ndime yoyamba inadutsa anthu akupuma mofatsa. Tenson ankaoneka ngati akutembenuka. Pa chithunzi chachisanu nkhope yake inadzaza galasi la TV, kenaka inayamba kubwerera, ndipo pambali pake panatulukira mkazi atanyamula khanda.

"Amama!" anatero mwana wamkazi wa malemu.

A Yoram anatembenukira Everisto. Iye anali kuyang'ana wotchi.

Zinachitika kasanu ndi kamodzi. Enelesi kudimba, Enelesi pa ubatizo, Enelesi akusoka ukonde. Kenaka ndime yomaliza inafika pa mzere wake wotsiriza. Tenson wavala tayi, akumwetulira. Masekondi awiri. Phewa linaoneka, dzanja paphewapo, mphete, chovala choyera, ndipo pang'onopang'ono, pa galasi lalikulu kuposa chithunzi chenicheni kangapo, zikande za lezala. Zinaima pamenepo masekondi awiri, kwaya nkutseka.

Munthu wina anatsonya. Mayi wina anagwira pakamwa.

"Ndi mphemvu," anatero a Yoram.

"Mphemvu za kwanu zimayenda ndi lezala?" anafunsa a Antónia. Anatuluka, nalavula kunja, nabwerera atagwira Enelesi padzanja lomwelo la phulusa. "Sendera iwe Yoram. Ukhale uko. Mkazi wa mwana wanga akhale apa."

A Yoram anasendera mpaka kunja kwa mphasa. Pepala la zithunzi linali pamiyendo pawo, ndipo a Antónia analitenga ndi zala ziwiri nkulipereka kwa Enelesi. Ana ake awiri anadzakhala pambali pake.

"Achimwene, bwezani tepi," anatero Enelesi. "Poyamba ndinali kunja, sindinaone."

Everisto anabweza. A Yoram anadzuka kuti atuluke, koma pakhomo panali podzaza anthu ochokera kumoto, ndipo palibe amene anapatuka.