Mikanda isanu m'bokosi

Magetsi si mnzako, ngakhale akuwalitsire nyumba zaka zambiri. Agogo ankatero tsiku lililonse, ndipo anateronso m'mawa uja polowa m'holo ya pakoleji, mmene ophunzira anayala ntchito zawo pamatebulo kuti aphunzitsi aziyese. Makolo anaitanidwa. Mdzukulu wawo wamkazi analibe wina woti abwere koma iwo, ndipo akanalephera mayeso a tsikulo akanabwereza chaka.

Patebulo la mtsikanayo panali bokosi lotseka, la kabowo pamwamba, thabwa lodzaza mawaya ndi timababu tinayi. Ukaponya mkanda pakabowo, umadutsa pakadiso ka magetsi, thabwa lija n'kuwerenga.

Mphunzitsi woyesa, bambo wa dazi ndi magalasi, anaponya mikanda isanu. Kababu koyamba ndi kachitatu tinayaka.

"Imodzi kuwonjezera zinayi," anatero mtsikanayo. "Koyamba ndi imodzi, kachiwiri ziwiri, kachitatu zinayi, komaliza zisanu ndi zitatu."

"Kuwerenga kwatheka. Ndikazungulire kaye, ndidzaone ngati chisunga," anatero mphunzitsiyo.

Atachoka, mtsikanayo anaitanidwa kukanyamula matebulo ena.

"Agogo, mundiyang'anire. Musakhudze kanthu."

"Pita, mkazi mnzanga. Ndakuyang'anira iwe kuyambira uli m'matewera, ndilephere bokosi?"

Anakhala pampando, chikwama pamiyendo. Posakhalitsa mphuno inawauza kuti china chikupsa. Moto suyamba ndi malawi, umayamba ndi fungo lomwe anthu amalinyozera. Anaweramira thabwa lija. Anakumbuka belu lomwe mtsikanayo anawapangira kunyumba, lolira chitseko kapena zenera likatseguka. Belu limenelo ankalizula pakhoma akamasesa, akalibwezera linkapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuzula pulagi. Fungo silinathe. Atacheuka anaona mnyamata wa tebulo loyandikana akuwotcherera waya, utsi uli tolo.

Anabwezera pulagi msangamsanga. Timababu tinayaka titatu, osati tiwiri ngati poyamba.

Anazulanso, n'kubwezera. Kanayaka kamodzi, ka kumapeto. Anabisa manja pansi pa chikwama.

Mtsikanayo ndi mphunzitsi anafika pamodzi.

"Zisanu ndi zitatu?" anatero bamboyo. "Mikanda yaswana m'bokosimu?"

Anyamata a pafupi anaseka. Mtsikanayo anagwiragwira mawaya, milomo ili gwa.

"Tandiuza, mwana iwe, seketi ya kombineshono ndi ya sikwensho zimasiyana pati?"

"Ya kombineshono imangotsata zomwe zikulowa nthawi yomweyo, aphunzitsi. Za kale ilibe nazo ntchito. Ya sikwensho imasunga pomwe inafika. Kababu kalikonse apa kali ndi filipifulopu yake yogwira kuyaka kapena kuzima. Yoyamba imatembenuka mkanda ukadutsa, yachiwiri imatembenuka yoyamba ikazima, choncho mpaka yomaliza."

"Pakamwa ukhoza. Nanga zakozi zasunga chiyani? Waya wina ndi wolobodoka, wapanga mothamanga." Anatsegula cholembera.

Agogo anayang'ana mdzukulu wawo. Mwana ameneyu anamuletsa mpeni, chitsime, njinga, anyamata. Lero akumunyoza pagulu chifukwa cha dzanja lawo lomwe.

"Achimwene," anatero, mawu ali pansi. "Mwanayu sanalakwe. Ndinazula ndine chingwecho. Kawiri."

"Mayi, munazuliranji?"

"Ndinamva kupsa. Ndimati zibwerera mwakale, ngati belu la kunyumba."

Mnyamata wowotcherera uja anaseka mpaka kutsokomola. Mtsikanayo sanaseke. Anayang'ana pansi.

"Belu lija silikumbuka kanthu, agogo. Limangoona ngati chitseko n'chotsegula. Ichi chimakumbuka pokhapokha magetsi alipo. Mukazula, zonse zapita."

Mphunzitsi anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Chabwino, waya alibe mlandu. Koma agogo ako andionetsa china. Magetsi atabwerera, bwanji sichinayambire pa ziro?"

"Sindinaike choti chizizifufuta chokha poyaka. Pali batani ili basi."

"Ndiye chikayaka, filipifulopu iliyonse imadzuka mmene yafunira. Pamenepo ndikudula mamalikisi. Dina batanilo, tiyambirenso."

Timababu tonse tinazima. Mphunzitsi anaponya mikanda itatu, koyamba ndi kachiwiri tinayaka. Ulendo uno sanachoke. Anaima pomwepo, pakati pa agogo ndi soketi, akucheza ndi mphunzitsi mnzake. Pamapeto analemba, n'kunena kuti mtsikanayo wakhoza, koma mopulumukira pakamwa pa ng'ona.

Anthu atayamba kubalalika, mtsikanayo analongedza mawaya m'katoni. Agogo anatambasula manja kuti anyamule bokosi, kenako anawabweza okha.

"Ukanandisiya kunyumba," anatero.

"Ndikanabwera ndi ndani?" anayankha mtsikanayo, osawayang'ana. "Tiyeni, basi itisiya."

Agogo anamutsata pambuyo. Pamasitepe anaona kuti chingwe cha nsapato ya mwanayo chamasuka. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.