Khwapa Kufika Khwapa

Minibasi yochokera ku Italy inkafika m'tauni ya kwawo ya Floreshti Lachinayi, kamodzi pa masabata awiri, ndipo mayi Parascovia ankaidikirira kuseri kwa msika ali ndi wilibala. Mwana wawo Rodica ankasamala nkhalamba ina mumzinda wa Catania, ku Italy komweko. Ankatolera kaunjika kumeneko, zina zogula pakilo, zina zopatsidwa ndi mabwana, n'kumatumiza. Mayi ake ankagulitsa pa tsamba lawo la pa Fesibuku.

"Zikwama ziwiri lero," anatero a Nichifor, dalaivala, akutsitsa. "Mwana wanuyu amaliza kuvula Italy yense."

"Bola akuvula ena. Inu jekete lomwelo chikwatirireni."

"Ndiye mundigulitse lina motchipa."

"Lembani patsamba ngati anzanu. Mwamuona Rodica?"

"Katundu wa ku Catania ndimalandirira kwa mnzanga, mayi. Sindinamuonepo."

Funsoli ankafunsa ulendo uliwonse, yankho lake n'kukhala lomwelo. Rodica anali asanabwere kwa zaka zisanu.

Ntchitoyo mayi Parascovia ankaigwira mosazengereza. Kuchapa, kusita, kupachika pachitseko choyera cha kuchipinda, n'kujambula m'mawa dzuwa likamalowa pawindo, chifukwa kuwala kwa babu kumanamiza mtundu wa nsalu ndipo wogula amabweza katundu. Zithunzi zinayi: kutsogolo, kumbuyo, kachikwangwani ka pakhosi, ndi chilema ngati chilipo. Nambala ya pakhosi sankaikhulupirira. Ankayala chovala patebulo n'kuyeza ndi tepi, khwapa kufika khwapa, mkono, utali. Malamulo anali olembedwa pamwamba pa tsamba: woyamba kulemba kuti "changa" ndiye mwini, chovala chimasungidwa masiku awiri basi, chimapita papositi, wogula amalipira polandira.

Pansi pa chikwama chachiwiri anapezapo chikhoti chobiriwira cha m'nyengo yachisanu. Anachizindikira asanachitambasule. Anachigula okha ku Balti sabata imene Rodica ankanyamuka. Thumba lamanzere linang'ambika m'kati tsiku loyamba, ndipo analisoka ndi ulusi wakuda chifukwa wobiriwira unali utatha. Anapisa dzanja. Msoko uja unali pomwepo.

Anakhala pampando. Ku Catania n'kotentha, chikhoti chotere sichigwira ntchito. Rodica ankachisunga kuti adzavale pobwera kuno. Munthu akagulitsa chovala chobwerera kwawo, ndiye kuti watani?

A Eufrosinia, oyandikana nawo nyumba, analowa osagogoda, atanyamula mbale ya plachinte, timabuledi tokhala ndi tchizi m'kati.

"Mwaferedwa? Mwakhala bwanji chonchi?"

"Watumiza chikhoti chake."

"Ndiye mufunseni. Foni muli nayo, yojambulira masiketi yokha?"

"Ndimufunse kuti chiyani? Andiuze kuti wakhazikika?"

"Ndiye chibiseni m'kabati muzichinunkhiza."

"Ine sindibisa katundu. Chabwera m'chikwama cha malonda, ndi malonda."

M'mawa mwake anachipachika pachitseko n'kujambula. Anatembenuza thumba, najambula msoko uja pafupi. Kenaka analemba: "Chikhoti chobiriwira chaubweya, chofunda kwambiri. Khwapa kufika khwapa masentimita 46, mkono 59, utali 92. Mabatani onse alipo. Thumba lamanzere linasokedwa m'kati ndi ulusi wakuda, silidzang'ambikanso. Mtengo: malei 350." Anayamba kulemba kuti mwini wake anali wosamala zinthu, koma anafufuta. Wogula safuna mbiri.

Pasanathe ola, mtsikana wina wa ku Soroca, Lilia, analemba kuti "changa", natumiza dzina lonse, adiresi ndi nambala ya foni. Mayi Parascovia anayankha "Chasungidwa" pansi pa chithunzi, monga mwa masiku onse.

Rodica ankaimba foni masana, nkhalamba yake ikagona. Tsiku limenelo nkhope yake inadzaza foni yonse ngati kale, chipumi ndi masaya okha.

"Ndaona mwachiika kale. Koma amayi, 350? Chikanapita pa 450 chija."

"Chili ndi chilema."

"Chilema chake ndi cha inu nomwe."

"Bwanji wachitumiza?"

Anafunsa ali chiyang'anire pa tepi imene inali m'manja mwawo. Rodica anaseka, kenaka anasiya.

"Sichikundikwananso. Mabatani sakumana. Pasita amene timadya kunoyu si masewera."

"Wanenepa?"

"Kalekale. Simukuona?"

Sankaona. Pafoni ankaona nkhope yokha. Ankadziwa chiuno cha mayi wina wa ku Ungheni amene ankagula masiketi mwezi uliwonse, ankadziwa kuti mphunzitsi wina wa ku Orhei ali ndi mikono yaitali. Koma mwana amene anamubereka okha, muyeso wake sankaudziwa.

"Ndimayesa wati subweranso," anatero mayi Parascovia.

Rodica anayang'ana kumbali, kumene kunali chitseko cha nkhalambayo.

"Ana ake akuti mwina Januwale. Akapeza wondigwirira."

"Chaka chatha anati mwina Isitala."

"Ndikudziwa, amayi."

"Tenga jekete limene limakukwana bwino. Uliyale pabedi, umange mabatani, uyeze khwapa kufika khwapa."

"Mwandiyesa kasitomala?"

"Makasitomala amamva msanga kuposa iwe. Usayeze uli chivalire, umanama."

Panamveka kukoka kwa madirowa, ndi Rodica akudandaula kuti m'nyumba ya anthu olemera chonchi mulibe tepi. Anaipeza m'bokosi la mankhwala.

"Makumi asanu ndi mphambu zitatu."

"Eee. Pasitayo amamuphika ndi simenti?"

"Amayi, basi."

Foni itaduka, analemba 53 pakhoma pafupi ndi chitseko, ndi pensulo.

Chikhoti chobiriwira anachipinda mikono m'kati, n'kuchiika m'pulasitiki kuti chisanyowe, n'kumata phukusi ndi selotepi mbali zonse. Ku positi anadzaza fomu ya kulipira polandira, najambula lisiti, natumizira Lilia nambala ya phukusi. Mayi wa pakauntala analiponya m'thumba pamodzi ndi ena. Mayi Parascovia anaima pang'ono, mpaka wapambuyo pawo anawakhosomolera.

Kunyumba anakhuthula zimene zinatsala m'zikwama. Munali zikhoti zina zitatu. Chakuda chinali 48, chofiirira 50. Chotuwa, cha kolala yaikulu, chinali 55. Anayezanso. Ndi juzi m'kati, chikanakwana ndendende.

Anachijambula ngati china chilichonse, zithunzi zinayi, miyeso yonse, koma mtengo sanaike. Asanalembe aliyense, analemba okha pansi pake: "Chasungidwa."

Anthu sanachedwe. Wina anafunsa mtengo. Mayi wa ku Ungheni uja analemba kuti wosungitsayo akapanda kutenga m'masiku awiri, iye ndiye wachiwiri. Tsiku lachitatu analembanso: "Mayi Parascovia, masiku awiri akwana. Lamulo ndi lanu lomwe."

A Eufrosinia anawerenga pafoni yawo ali pakhomo. "Akukugwirani ndi pakamwa panu. Muyankha chiyani?"

"Ndiyankha kuti sichikumukwana. Iye ndi 49."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, pansi pa chithunzicho panabwera mawu a Rodica. Liwu limodzi lokha, ngati kasitomala wina aliyense: "Changa." Patapita mphindi anawonjezera: "Koma musatumize. Ndidzatenga ndekha."

Tsiku sanalembe. Mayi Parascovia anadikira pang'ono, foni ili m'manja, ngati angalembe. Kenaka anachotsa chikhoticho pachitseko, popeza panafunika kujambulirapo mabulauzi asanu ndi awiri m'mawa, nachiveka pulasitiki, nachipachika pamsomali wa pafupi ndi khomo lakunja, pamene munthu wochokera paulendo amayamba kufikira.