Makina a Keziya pa Boda

Keziya anatunga madzi, kuchapa matewera, kutsekulira mbuzi, kenako anabereka mwana n'kukwera njinga. Ntchito yotsala inali imodzi, kukalondola makina ake osokera. Anawagula ku Chipata, koma anali atakhala sabata yathunthu kwa a kasitomu pa boda ya Mchinji, pomwe amayi a Mvano ankadikira mabulauzi awo msonkhano wa Loweruka usanafike.

Mu kaofesi ka ma ejenti omwe anawapatsa mapepala kuti amuombolere katunduyo, anapeza Stelia, wosunga mafaelo.

"Achemwali, kodi makina anga mwayamba kusokera ndinu?"

Stelia anaseka, n'kusolola faelo pa mulu wa zodikira. Pachikuto anamatapo khadi la mizere. Aliyense wotsegula faeloyo ankalemba tsiku, nthawi, chimene wachita, n'kusayina. Mzere wolakwika sankafufuta, ankangoudula n'kulemba wina pansi.

"Lolemba la sabata yatha m'mawa ndinalandira ndine," anatero Stelia, chala chikutsika. "Lachiwiri masana anaona a Maliko. Akuti lisiti lomwe lili munoli ndi fotokope chabe, a kasitomu akufuna lenileni. Eni ake auzidwa."

"Auzidwa? Ine?"

Stelia anaitana Maliko, yemwe ankakambirana ndi dalaivala wa thiraki pakhomo. Maliko anawerenga mzere wake, n'kuloza mawu aang'ono kumapeto kwake.

"Si apa? Ndinauza a Zakeyu, amuna anu. Anadutsa pano akupita ku esiteti. Nkhani ya katundu ndikanawalumpha bwanji bambo a pakhomo?"

"Pa faelopo pali dzina la ndani?"

"Lanu, mayi."

"Nanga singano amaigwira ndi a Zakeyu?"

Maliko anakanda m'mutu. Keziya sanataye nthawi ndi mkangano. Tsopano ankadziwa chosowa ndi komwe uthenga unagona. Anapalasa mpaka ku esiteti, n'kupeza mwamuna wake akusankha fodya m'shedi.

"Bambo a Tadala, uthenga wanga mukuusungira Khirisimasi?"

Zakeyu anagwira pakamwa. Lisiti lenileni linali m'thumba la jekete lomwe anavala poperekeza Keziya ku Chipata, ndipo jeketelo linali pamsomali pomwepo.

Masana Keziya anali atabwerera ku kaofesi kaja. Stelia analemba mzere watsopano iye akuona: lisiti lalandiridwa, faelo yapita kwa a kasitomu. Pamwamba pa khadi anawonjezera kuti uthenga uzipita kwa mwini dzina, ndipo Maliko anasayina pambali mosanyinyirika.

Makina anatuluka m'mawa mwake. Mabulauzi anatha Lachisanu, kupatula awiri omwe eni ake anatopa kudikira n'kupita nawo kwa telala wa pa boma. Keziya analipira msonkho, ndalama ya ma ejenti, ya malo osungira katundu ya sabata yonse, ndi chubu cha njinga chomwe chinaphulika pochokera ku esiteti. Ya chubucho anamubwezera ndi Zakeyu.